Tsitsi kuthothoka mutabereka: mafunso ndi mayankho kwa amayi amene akuopa dazi

Tsitsi langa linayamba kutsalira m'chipeso mwana wanga woyamba ali ndi miyezi 3. Ndinkasesa m'chipinda m'mamawa, kenako ndinkapana zinyalalazo m'dzanja kuti apongozi anga asaone. Palibe amene anandiuzapo kusikelo kuti izi zimachitika, ndipo mantha amene ndinali nawo sindifuna kuti mayi wina akhale nawo yekha. Mafunso ali m'munsimu ndi amene amayi timafunsana monong'ona pamzere wa katemera ndi kusaluni.

Mwana wanga ali ndi miyezi 3 ndipo tsitsi likungoyoyoka. Chalakwika n'chiyani?

Nthawi zambiri palibe chalakwika. Tsitsi lililonse limachokera m'kamuzu kake kamene kali pansi pa khungu, ndipo muzuwo uli ndi nyengo zake. Umameretsa tsitsi kwa zaka 2 mpaka 6, kenako umaima n'kupuma kwa miyezi pafupifupi 3. Kupumako kukatha, tsitsi lakale limagwa ndipo latsopano limayamba kutuluka pabowo lomwelo. Pamutu pa munthu pali tsitsi lokwana pafupifupi 100,000, ndipo mizu yake sipuma pamodzi. Pa mizu 10 iliyonse, pafupifupi 9 imakhala ikumeretsa, umodzi ndiwo ukupuma. N'chifukwa chake munthu wabwinobwino amataya tsitsi 50 mpaka 100 tsiku lililonse popanda kudziwa, monga momwe mtengo wa mango umagwetsera masamba pang'onopang'ono koma osakhalapo mbee.

Mimba imasokoneza dongosolo limeneli. Homoni yotchedwa esitirojeni imachuluka kwambiri mwa mayi woyembekezera, ndipo imachititsa mizu yambiri kupitiriza kumeretsa pamene ikanayenera kupuma. Tsitsi limene likanagwa m'miyezi ya mimba limakhalabe pamutu. Amayi ambiri amakumbukira kuti ali oyembekezera tsitsi linali lodzaza, chipeso chinkatuluka choyera. Mwana akabadwa, nsengwa n'kutuluka, homoni ija imatsika m'masiku ochepa chabe. Mizu yonse imene inachedwetsedwa ija imalowa m'kupuma nthawi imodzi, ndipo pakapita miyezi 3 imataya tsitsi lake nthawi imodzinso. Mango uja wachita ngati mlambe m'chilimwe: wagwetsa masamba ambiri pamodzi, koma mtengowo uli moyo.

Madokotala amatcha zimenezi telojeni efuluviyamu. Dzinalo lingoopsa, koma tanthauzo lake ndi kugwa kwa tsitsi limene linali litapuma kale. Mizu siinafe ndipo siinawonongeke.

Zimayamba liti, nanga zimatha liti?

Zimayamba pakati pa miyezi 2 ndi 4 mwana atabadwa, ndipo zimafika pachimake cha m'mwezi wa 4. Kalendala yosavuta ndi buku la sikelo la mwana. Pa katemera wa masabata 6 amayi ambiri saona kanthu. Pofika katemera wa masabata 14, tsitsi limakhala likugwa ndithu. Cha m'miyezi 6 kapena 7 kugwako kumayamba kuchepa, ndipo mukamapita kukabayitsa katemera wa chikuku pa miyezi 9, titsitsi tatifupi timakhala titayamba kuoneka pachipumi. Amayi ambiri mutu umakhala utadzazanso mwana akamakwanitsa chaka, ngakhale ena zimawatengera miyezi ingapo yoonjezera.

Kudzaza ndi kutalika ndi zinthu ziwiri. Tsitsi limakula pafupifupi sentimita imodzi pamwezi, ndipo lathu lopotanali limakulako pang'onopang'ono kuposa pamenepo, komanso limadzipinda. Tsitsi limene lamera kwa miyezi 6 likhoza kukhala masentimita 5 mukalikoka, koma pamutu likuoneka ngati kaudzu kongophuka kumene. Musaliweruze ndi maso okha. Ligwireni ndi zala, mulitambasule.

Ndamasula meshi dzulo ndipo latuluka tsitsi lodzaza manja awiri. Kodi zimenezi si matenda?

Funso ili ndi limene limaliza amayi ambiri, ndiye tiyeni tiwerengere limodzi.

Tiyerekeze mayi amene anabereka mwezi wa Malichi. Kumayambiriro kwa Juni walukitsa meshi kuti asamavutike kupesa m'mamawa mwana akulira, ndipo wakhala nayo masabata 6, omwe ndi masiku 42. Tsitsi lolukidwa likachoka m'muzu siligwa pansi, limakodwa m'chingwe momwemo. Ngakhale akanakhala kuti sanabereke, n'kumataya tsitsi 100 patsiku, pa tsiku lomasula akanaona tsitsi 4,200 likutuluka nthawi imodzi. Koma iye masabata amenewa agwera m'mwezi wa 3 ndi wa 4 atabereka, pamene kugwa kuli pachimake. Tinene kuti akutaya 300 patsiku. Tsitsi lodikira m'meshimo ndi 12,600. Tsitsi lopotana likakhala lochuluka chonchi limafufuma ngati thonje, n'kupanga mpira woposa chibakera.

Mayiyu akaona mpirawo amaganiza kuti tsitsi lonselo lazuka lero, mwina n'kuyamba kukayikira amene anamuluka kapena shampu wa kusaluni. Chikhalirecho wakolola za masiku 42 tsiku limodzi. Ndipo pa tsitsi 100,000 lija, 12,600 ndi gawo limodzi mwa magawo 8. Mutu upepuka, mizere ya pakati pa zingwe ioneka yotakata, koma dazi palibe.

Pali ngozi ina pa tsiku lomasulali. Tsitsi lakugwalo likanyowa lisanachotsedwe limamangana ndi lamoyo n'kupanga mfundo zolimba ngati chisa, zomwe ena amathera pozidula ndi sizasi. Choncho mukamasula, musathamangire madzi. Pakani mafuta kapena kondishona, patulani chingwe chilichonse ndi zala kuyambira kunsonga kutsikira kumuzu, chotsani lakugwalo, kenako pesani ndi chipeso cha mano otalikirana. Mukatero ndiye mutsuke.

Ndingadziwe bwanji kuti tsitsi likugwa lokha kapena likuduka?

Tolani tsitsi 10 kapena 20 la m'chipeso, muliyale pansalu yakuda kapena pachikopa cha dzanja, mukhale pamene pali kuwala. Tsitsi limene lagwa chifukwa nthawi yake yakwana limakhala lalitali mofanana ndi linzake la pamutu, ndipo kumapeto kumodzi kumakhala kamutu koyera, kouma, kakang'ono ngati kamchenga. Mukakapitiriza pakati pa zala kamamveka. Kamutu kameneka si muzu, monga ambiri amaopera. Ndi tsinde louma la tsitsi lakale, muzu weniweni watsala m'khungu ndipo wayamba kale kuumba lina.

Tsitsi loduka limakhala lalifupi, tizidutswa tosiyanasiyana, lopanda kamutu mbali zonse. Ngati zambiri zimene mwatola ndi tizidutswa totere, vuto si kubereka ayi. Tsitsi lauma, kapena lafooka ndi mankhwala owongolera, kuwotcha ndi chitsulo, kapena kupesa mwamphamvu likadali louma. Ziwirizi zikhoza kuchitikira limodzi, ndipo kudukako ndiko mungathe kuchitapo kanthu lero.

Koma ine ndikuona khungu m'mbali mwa chipumi. Kodi si dazi limeneli?

Kuthothoka kwa pambuyo pobereka kumachitika mutu wonse, koma kumaonekera kwambiri m'makona awiri a chipumi, pamwamba pa litsipa. Tsitsi la pamenepo ndi lopyapyala kale, ndiye likachepa pang'ono khungu limaonekera, chipumi n'kukhala ngati chabwerera m'mbuyo. Imani pagalasi pafupi ndi zenera muyang'anitsitse. Ngati mbali zonse ziwiri zachepa mofanana, khungu ndi losalala bwino lopanda zilonda kapena mamba, ndipo pakati pake pakadali titsitsi tapatalipatali, chimenecho ndi chithunzi cha kuthothoka kwa uchembere. Malowo amadzazanso.

Chimene kuthothoka kumeneku sikuchita ndi kusiya malo oyera mbee okhala ndi malire, opanda ngakhale tsitsi limodzi. Mukaona chigamba chotero, musachiike m'gulu la zobwera ndi mwana. Pali zinthu zinayi zimene zimabisala kumbuyo kwa uchembere, ndipo chilichonse chili ndi maonekedwe ake.

Choyamba, komanso chofala kwambiri pakati pathu, ndi tsitsi lozuka chifukwa chokokedwa. Kuluka kothina, meshi yolemera, wivu yosokedwa pa zingwe zomangitsa, wigi yomatidwa ndi guluu kapena yokhala ndi kachipeso kokanda malo amodzi, ngakhale duku lomangidwa mwamphamvu pamzere womwewo tsiku ndi tsiku, zonsezi zimakoka tsitsi la m'mphepete. Zizindikiro zake ndi mutu kuwawa mukangoluka, titudza tating'ono m'munsi mwa zingwe, ndi mzere wopanda tsitsi wotsatira pamene pakukokedwa, kawirikawiri kutsogolo ndi pamwamba pa makutu. Nthawi zambiri kumatsala kamzere ka titsitsi tofewa kutsogolo kwenikweni, tomwe woluka sanathe kutigwira, dazi n'kukhala kumbuyo kwake. Ili ndilo limandidetsa nkhawa koposa, chifukwa limakumana ndi kuthothoka kwa uchembere pamalo amodzi. Mayi aona m'mbali mwachepa, apita kukalukitsa kuti abise, woluka akoka titsitsi totsalato kuti mzere uoneke bwino, ndiye vuto limene likanatha lokha lisanduka lokhalitsa. Kukoka kukasiyidwa msanga tsitsi limabwerera. Kukapitirira kwa zaka, mizu imasanduka chipsera, khungu limanyezimira, ndipo pamenepo palibe mafuta amene angameretsenso.

Chachiwiri ndi chigamba chozungulira, chosalala, chachikulu ngati ndalama yachitsulo kapena kuposa, chimene chimangotulukira m'masiku ochepa pena paliponse pamutu. Sichiyabwa kwenikweni, chilibe mamba, ndipo kawirikawiri amayamba kuchiona ndi amene akukulukani. Amachitcha alopesha areyata. Chitetezo cha m'thupi chimalakwitsa n'kuyamba kulimbana ndi mizu ya tsitsi pamalopo. Sichipatsirana, ndipo mizu simafa. Zigamba zambiri zazing'ono zimamera zokha m'kati mwa chaka, nthawi zina tsitsi loyamba limatuluka loyera kenako n'kuda. Kuchipatala cha khungu amatha kupereka mankhwala opaka kapena kubaya pamalopo kuti limere msanga.

Chachitatu ndi chipere. Chimakonda ana, koma mayi amene amagwiritsa chipeso, thawulo kapena pilo limodzi ndi mwana wa chipere akhoza kuchitenga. Chigambacho chimayabwa, chimakhala ndi mamba otuwa, ndipo tsitsi limaoneka loduka pafupi ndi khungu ngati timadontho takuda. Chipere cha m'mutu sichimva mankhwala opaka okha, chifukwa chimalowa m'kati mwa tsitsi. Chimafuna mapiritsi akumwa kwa masabata angapo, ndipo muyenera kuuza adokotala kuti mukuyamwitsa kuti akusankhireni oyenera. Ana a m'nyumbamo aonedwenso.

Chachinayi sitikonda kuchitchula, koma ndichitchula. Chindoko chikafika gawo lachiwiri chimathothola tsitsi tizigamba tambirimbiri tosalongosoka, ngati nsalu yodyedwa ndi njenjete, ndipo nthawi zina pamakhala zidzolo zosayabwa m'zikhatho ndi kumapazi. Kuyezedwa kusikelo ya amayi oyembekezera sikutanthauza kuti munthu sangachitenge pambuyo pake. Kuyeza kwake n'kwa magazi a pachala, mankhwala ake ndi jakisoni wa penisilini, ndipo bambo a kunyumba ndi mwana ayenera kuonedwa nawonso.

Ndionjezere chimodzi. Ngati tsitsi likuchepa pakati pamutu, paliwombo, dazi n'kumakula mozungulira pang'onopang'ono, pamalopo pakuwawa, kutentha kapena kuyabwa, musadikire kuti mwana akwanitse chaka. Pali matenda a khungu osiya chipsera amene amayambira pamenepo, ofala mwa amayi akuda, ndipo mankhwala amapulumutsa mizu yokhayo imene idakali moyo.

Apongozi akuti mwana akundiyamwa tsitsi. Ndisiye kuyamwitsa?

Ayi, musasiye. Amayi amene sanayamwitse n'komwe nawonso tsitsi limawathothoka m'miyezi yomweyi, chifukwa chimene chinayambitsa ndi kutsika kwa homoni pa tsiku lobereka. Kumuletsa mwana bere sikubwezera ngakhale tsitsi limodzi, kungomumana chakudya chimene akufunika chokhachokha kwa miyezi 6 yoyamba. Akuluakulu sanalakwe poona kuti ziwirizi zimachitikira pamodzi. Zangokumana nthawi, monga kulira kwa achule ndi kumera kwa chimanga.

Chimodzimodzi ndi mawu akuti wina wakupangani chipongwe kapena mwasemphedwa. Tsitsi limene likugwa m'mwezi wa 3 linayamba ulendo wake tsiku limene munali kuchipinda chochirira, ndipo palibe munthu amene analikhudza.

Nanga kuchepa kwa magazi kukukhudzana bwanji ndi nkhaniyi?

Apa ndi pofunika kukhalapo pang'ono, chifukwa ndi chimene chimachititsa kuti kuthothoka kwa miyezi ingapo kusanduke kwa chaka ndi kupitirira. Mwana ali m'mimba amatenga ayironi wa mayi, kubereka kumatayitsa magazi, ndipo ngati panali opaleshoni, kutaya magazi ambiri, malungo pa nthawi ya mimba, kapena mimba zotsatizana pafupipafupi, nkhokwe ya ayironi imakhala itatsala pang'ono kutha. Thupi likasowa ayironi limayamba lasamalira magazi, tsitsi limakhala kumapeto kwa mzere.

Zizindikiro zake si zapamutu pokha. Kutopa kumene sikutha ngakhale mwagona, chizungulire mukadzuka, mtima kuthamanga ndi kupuma mwabefu pokwera kamtunda kamene kale simunkakamva, zikhatho ndi m'kati mwa zikope kuyera, zikhadabo zosachedwa kuthyoka, ndiponso chilakolako chodya dothi. Chomalizachi ambiri timachitenga ngati chizolowezi cha mimba chabe, koma chikapitirira mutabereka chimaloza ku ayironi.

Pemphani kuti akuyezeni magazi. Kwa mayi amene sali woyembekezera, muyeso wa magazi wotchedwa himogulobini ukachepera 12 ndiye amati magazi achepa. Pali kuyeza kwina kotchedwa feritini, koona nkhokwe ya ayironi, komwe kumapezeka m'zipatala zikuluzikulu. Nkhokwe ikhoza kukhala yopanda kanthu himogulobini ikuonekabe bwino. Mapiritsi oonjezera magazi amene munkalandira kusikelo, a ayironi ndi foliki asidi, amalangizidwa kupitirizidwa kwa masabata 6 mpaka 12 mutabereka kumadera kumene kuchepa kwa magazi n'kofala, ndipo kwathu kuno ndi kumodzi mwa madera amenewo. Ambiri timawasiya tsiku lotuluka m'chikuta. Amadetsa chimbudzi ndipo ena amawadzimbira, koma zimenezo si zoopsa. Musamwere tiyi, chifukwa tiyi amatchinga ayironi kulowa m'thupi. Siyanitsani ndi ola limodzi kapena awiri. Ndipo muwabise patali ndi ana, chifukwa mwana akameza ambiri akhoza kufa.

Pa mbale, ayironi amene thupi limamutenga mosavuta ali m'chiwindi, nyama, usipa ndi matemba. Nyemba, nandolo, soya, bonongwe ndi chisoso zili naye, koma amalowa bwino mukadyera pamodzi ndi zipatso monga gwafa, lalanje, papaya kapena malambe. Tsitsi limapangidwa ndi mapuloteni, ndiye mayi amene akudya nsima ndi masamba okha, kapena akudzimana chakudya kuti mimba iphwe msanga, akulichedwetsa kumera. Koma ndinene mosabisa: ngati magazi anu ali bwino, kumwa ayironi woonjezera sikuletsa tsitsi kugwa, ndipo si mankhwala omwa miyezimiyezi popanda kuyezedwa.

Pali matenda ena amene ndiyenera kuwaganizira?

Awiri. Chithokomiro, kachiwalo ka pakhosi, chimatupa mwa amayi pafupifupi 5 pa 100 alionse m'chaka choyamba atabereka. Poyamba chimathamanga: mtima kugunda kwambiri, thukuta, manja kunjenjemera, kuonda, kukwiya msanga. Kenako, cha pakati pa miyezi 4 ndi 8, chimafooka: kuzizidwa ena akumva kutentha, kudzimbidwa, khungu louma, kunenepa, ulesi wa thupi ndi mtima wachisoni. Mbali zonse ziwiri zimathothola tsitsi, ndipo n'zosavuta kuziphonya chifukwa aliyense amangoti ndi kutopa kwa kulera khanda. Kuyeza magazi kumaonetsa, ndipo mankhwala alipo. Ambiri chimabwerera m'malo mwake, ena amafunika mankhwala kwa nthawi yaitali.

Wina ndi wosowa koma woopsa. Mayi amene anataya magazi ambiri zedi pobereka, mkaka osatuluka n'komwe, msambo osabwerera, kufooka kosaneneka, ndiponso tsitsi la m'khwapa ndi la kumaliseche n'kumatha, akhoza kukhala kuti kachiwalo ka pansi pa ubongo kolamula mahomoni kanawonongeka. Tsitsi la m'khwapa siligwa ndi kuthothoka wamba kwa uchembere. Mukaona zimenezi pitani kuchipatala chachikulu ndipo mufotokoze za kutaya magazi kuja.

Ndingaluke kapena kuika mankhwala owongola tsitsi pa nthawi imeneyi?

Kuluka mungathe, koma kwa miyezi imeneyi lukani tsitsi lanu lokha, zingwe zikuluzikulu zomasuka, popanda kuonjezera cholemera. Muuzeni wokulukaniyo musanakhale pansi kuti, "Asisi, ndili ndi khanda, tsitsi likugwa, m'mbalimu musagwiremo." Woluka wabwino amamvetsa. Muyeso wake ndi wosavuta: ngati simungathe kukweza nsidze kapena kugona chammbali usiku woyamba, ngati mukufuna panado chifukwa cha kuluka, zathina, masulani tsiku lomwelo ngakhale mwalipira. Musapitirire masabata 4 mpaka 6 musanamasule, ndipo mulipatse tsitsi sabata imodzi kapena awiri lisanalukidwenso. Wigi ili bwino ngati ilibe guluu ndipo mukuivula usiku. Duku likhale lofewa, losalala m'kati, ndipo muzisintha pamene mfundo ikukhala.

Mankhwala owongola tsitsi sayambitsa kuthothoka kwa uchembere, koma amafooketsa tsitsi limene latsala, ndipo akawotcha khungu amaonjezera vuto lina. Ine ndingati dikirani mpaka kugwa kutachepa. Ngati simungathe, musaike m'mbali mwa chipumi, ndipo musalukitse meshi patangopita masiku ochepa mutawongola, chifukwa tsitsi lofooka ndi mankhwala likakokedwanso ndi pamene limazuka kwambiri.

Kutsuka musaleke. Ambiri amaopa madzi chifukwa ndi posamba pamene tsitsi limaoneka lambiri, koma limenelo linachoka kale m'muzu, madzi angolitsitsa. Kusatsuka kumangobweretsa mfundu ndi kuyabwa. Kamodzi pa sabata kapena pa masabata awiri n'kokwanira.

Ndikameta mpala limera lambiri? Nanga mafuta a nsatsi ndi mapiritsi a tsitsi amene akugulitsidwa?

Lumo limadula pamwamba, muzu sudziwa n'komwe kuti mwameta. Tsitsi lometedwa limamveka lolimba chifukwa nsonga zake ndi zobuntha, koma chiwerengero chake n'chomwecho. Komabe kumeta lalifupi kuli ndi ubwino wake weniweni: palibe chokoka, malo ochepa saonekera kwambiri, ndipo latsopano ndi lakale limakulira limodzi. Ine ndinameta pa mwana wachiwiri ndipo mtima unakhala pansi.

Mafuta a nsatsi kapena a kokonati amafewetsa tsitsi kuti lisaduke, ndipo pa ntchito imeneyo ndi abwino. Sangaimitse tsitsi limene nthawi yake yakugwa yakwana. Amene amayamba kupaka m'mwezi wa 5 n'kuona kusintha m'mwezi wa 8 amayamikira botolo, pamene tsitsilo likanamera ngakhale popanda kanthu. Pa chifukwa chomwechi, ndalama zanu zisathere pa mapiritsi a tsitsi. Ambiri ali ndi vitamini wotchedwa bayotini wochuluka, amene sathandiza munthu amene sakumusowa, komanso amasokoneza zotsatira za kuyeza chithokomiro. Ngati mukumwa, uzani adokotala asanakutengeni magazi. Pali mankhwala opaka otchedwa minokisidili amene amathandizadi pa mitundu ina ya dazi, koma kuthothoka kwa uchembere sikuwafuna, ndipo woyamwitsa asawayambe popanda dokotala. Adyo, tsabola kapena mankhwala otsukira mano pachigamba, chonde ayi. Zimawotcha khungu, ndipo chipsera ndicho chimapha mizu.

Ndinayamba jakisoni wolera pa masabata 6. Kodi ndi ameneyu?

Amayi ena amaona tsitsi likuchepa akamabayitsa jakisoni wa miyezi 3, koma nthawi imene mwayambira ikugundana ndi nthawi imene tsitsi likanagwa kale, ndiye n'kovuta kuloza chala. Musasiye kulera mwakachetechete chifukwa cha tsitsi, mimba ina yapafupi ingathe ayironi wotsalayo. Ngati kugwa kukupitirira mwana atakwanitsa chaka ndipo magazi ali bwino, kambiranani ndi anamwino za njira ina.

Ndipite liti kuchipatala, ndipo ndikanene chiyani?

Pitani mukaona chigamba choyera chokhala ndi malire, mamba, zilonda, mafinya kapena kuwawa pamutu, nsidze kapena tsitsi la m'khwapa likamatha, zizindikiro za kuchepa magazi kapena za chithokomiro zija, kapena ngati mwana wakwanitsa chaka tsitsi likugwabe ngati poyamba. Pitaninso ngati nkhaniyi ikukusowetsani tulo, mukulira kawirikawiri, kapena simukufunanso kuonana ndi anthu. Nthawi zina tsitsi ndi limene mayi amatha kulitchula pamene chomulemera chenicheni ndi matenda a nkhawa obwera pambuyo pobereka, omwenso ali ndi chithandizo.

Mzere ukakhala wautali, mawu akuti "tsitsi likuthothoka" okha akhoza kungoyankhidwa kuti zimachitika. Konzekerani. Nenani tsiku limene munabereka, mwezi umene kugwa kunayamba, ngati munataya magazi ambiri kapena kuikidwa magazi, mankhwala onse amene mukumwa, ndi zina zimene thupi likumva. Pitani mutamasula tsitsi kuti khungu lioneke. Chothandiza kwambiri ndi zithunzi: jambulani pafoni chipumi, mbali zonse ziwiri ndi paliwombo kamodzi pamwezi, pamalo amodzi, kuwala kofanana. Kudziyang'ana pagalasi tsiku lililonse kumanamiza, koma zithunzi za Julayi ndi za Okutobala zikaikidwa pamodzi zimanena zoona. Ngati pakufunika katswiri wa khungu, pemphani kalata yokutumizani. Zipatala zazikulu za Queen Elizabeth ku Blantyre ndi Kamuzu Central ku Lilongwe zili ndi mbali yoona za khungu.

Kodi zidzachitikanso pa mwana wina?

Zikhoza kutero, ndipo kuchuluka kwake kumasiyana mimba ndi mimba. Zimachitikanso mimba ikapita padera, makamaka ikakhala yokulirapo, kapena mwana akabadwa wakufa, chifukwa mahomoni amatsika chimodzimodzi.

Tsitsi lakugwali lingamuvulaze mwana?

Inde, m'njira imodzi imene ambiri sitiidziwa. Tsitsi lalitali, kapena ulusi wa meshi, likalowa m'sokosi, m'magolovesi kapena m'thewera, limatha kukulunga kachala ka phazi, ka dzanja, ngakhale kamaliseche ka mwana. Mwana akamatakataka limamangitsa, limalowa m'khungu mpaka osaoneka, ndipo magazi amasiya kuyenda. Khanda likamalira mosatonthozeka, layamwa, thewera ndi louma, thupi silikutentha, livuleni zonse muyang'ane chala chimodzichimodzi. Chofuna kuona ndi kachala kotupa, kofiira kapena kakuda, kokhala ndi kamzere kolowa m'kati ngati kamangidwa ndi ulusi.

Ngati nsonga ya tsitsilo ikuoneka ndipo likumasuka mosavuta, lizungulizeni mofatsa mpaka lichoke lonse, kenako muone ngati mtundu wa kachalako ukubwerera m'mphindi zochepa. Ngati lalowa m'khungu, simukuliona bwino, kapena kutupa sikukuphwa, musalimbane nalo ndi lumo. Thamangirani kuchipatala nthawi yomweyo, ngakhale usiku, chifukwa kachala kakhoza kuwonongeka m'maola ochepa. Pochapa, tembenuzani timasokosi ndi zovala zotseka kumapazi kuti muchotse tsitsi lobisala m'makona, ndipo muzipesera kutali ndi pamene mwana amagona.